Ndemanga ya buku m'magazini ya sukulu: nenani zambiri, mathero musiyire mwini wake

Anzanga aphunzitsi, ndi inu amene munadutsa m'manja mwathu kuno ku Santhe, lero ndikufuna tikambirane za tsamba limodzi la magazini ya sukulu, lija timalipatsa mwana kuti alembepo ndemanga ya buku lomwe wawerenga. Zomwe ana ambiri amabweretsa pa tsambali zimakhala chidule cha nkhani yonse, kuyambira pomwe mwininkhani anabadwira mpaka pomwe anathera, kenako chiganizo chimodzi kumapeto chakuti bukuli ndi labwino ndipo lili ndi phunziro. Ine ndikuti chidule chotere chisamalowe m'magazini, chifukwa chimapha buku lomwe chimafuna kuliyamikira.

Anawa sindikuwadzudzula. Akungochita zomwe timawakonzekeretsa pa mayeso a MANEB. Tikamaphunzitsa Nthondo, buku la Samuel Josia Nthara la mu 1933, timafuna mwana adziwe zonse, chiyambi, pakati ndi mathero, pakuti wochonga mayeso analiwerenga kale bukulo ndipo akufuna umboni woti mwanayo naye analiwerenga. Koma wowerenga magazini ndi munthu wina. Iye bukulo sanaligwirepo. Funso lake ndi limodzi: kodi ndikalibwereke ku laibulale kapena ndilisiye? Tikamuuza mathero tamuyankha kuti alisiye. Nonse mukumudziwa munthu uja wa ku vidiyo amene anaionera kale filimu, ndiye amakhala kumbuyo n'kumanena kuti uyu afa posachedwapa. Palibe amamuthokoza.

Tiyeni titenge buku la kwathu konkuno ku Kasungu, The Boy Who Harnessed the Wind, lomwe William Kamkwamba analemba pamodzi ndi Bryan Mealer ndipo linatuluka mu 2009. Ndalisankha dala chifukwa ndi lovuta kulilembera ndemanga. Mutu wake womwe ukunena kale kuti mnyamatayo anaigwiritsa ntchito mphepo. Aliyense amene wamvapo dzina la Kamkwamba akudziwa kuti mwana wa m'mudzi wa Masitala, ku Wimbe, anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Nkhani yake inatuluka m'nyuzipepala ya Daily Times mu 2006, iye anakayankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, ndipo mu 2019 kunatuluka filimu yomwe anaitsogolera Chiwetel Ejiofor. Ndiye mwana atha kufunsa kuti, aphunzitsi, ndibise chiyani poti zonse zili poyera?

Yankho langa ndi lakuti mathero oyenera kubisa sikuti nthawi zonse amakhala pa tsamba lomaliza. Choyenera kubisa ndi chilichonse chomwe wowerenga amachidikira mtima uli m'mwamba. Zoti makina anazungulira, mwanayo anene, palibe chaonongeka. Koma bukuli lili ndi mafunso ena omwe mutu wake suyankha. Banja la a Kamkwamba linaidutsa bwanji njala ya 2001 ndi 2002? Anzake awiri, Gilbert ndi Geoffrey, anachitapo chiyani pomwe zinthu zinathina? Nanga galu wake uja, Khamba? Amenewa ndiwo mathero enieni a bukuli, ndipo ena ali pakatikati penipeni. Mwana atchule kuti Khamba alipo ndipo William ankamukonda, basi alekere pomwepo.

Apa pali kamsampha komwe ngakhale ana ochenjera amakodwamo. Mwana sanena chomwe chinachitika, koma amalemba kuti mukafika pa mutu wakutiwakuti mukonzeretu kansalu kopukutira misozi, kapena kuti musadandaule, zonse zitha bwino. Uku n'kuulula ndithu, kungoti kwadzera khomo la kuseri. Mawu ngati "mwatsoka", "mwamwayi" ndi "pamapeto pake" ndimawazunguliza ndi cholembera chofiira nthawi zonse, chifukwa pomwe pali mawu amenewa ndi pomwe chinsinsi chimadonthera.

Komabe kubisa mathero sikutanthauza kulemba zopanda kanthu. Pali ana ena amene ukawaletsa kuulula amathawira mbali inayo, n'kulemba kuti bukuli ndi losangalatsa kwambiri, liwerengeni mudzionere nokha. Ameneyu naye sanatithandize. Mlimi akafika nawo fodya ku okushoni, wogula amafuna aone mtundu wa tsamba, kutalika kwake ndi kaumidwe kake, osati kungouzidwa kuti belo ili ndi labwino. Ndemanga iyenera kunena kuti nkhani ndi ya yani, ikuchitikira kuti, liti, ndipo vuto lomwe lamugwera mwininkhani ndi lotani. Vutolo likafika pooneka bwino, mwana asiye kusimba nkhani, ayambe kunena maganizo ake. Pa ndemanga ya mawu 250, yomwe imakwana bwino theka la tsamba, kusimba nkhani kusapitirire mawu 100. Otsalawo akhale a chiweruzo chake ndi zifukwa zake.

Nachi chitsanzo chomwe ndalemba ndekha, kuti tione malire pomwe ali:

"The Boy Who Harnessed the Wind, lolembedwa ndi William Kamkwamba ndi Bryan Mealer, 2009. Iyi ndi nkhani yoona ya mnyamata wa ku Wimbe, mwana wa mlimi wa chimanga ndi fodya ngati ambiri a ife. William anayamba Fomu 1 pa sekondale ya Kachokolo njala itagwa kale, ndipo makolo ake analephera kumulipirira fizi. M'malo mokhala pakhomo, anayamba kupita ku kalaibulale ka pa pulayimale ya Wimbe, komwe anapeza buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina a mphepo pachikuto. Chingerezi chinkamuvuta, ndalama analibe, ndipo anthu pomuona akutola zitsulo zotayidwa ankati wachita misala. Mitu yonena za njala ndiyo inandigwira mtima kwambiri, chifukwa ikusimba zinthu zing'onozing'ono, monga momwe banja limagawanira chakudya chikachepa. Koma mitu yoyambirira, yonena za matsenga ndi ubwana wake, ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo pomwe akufotokoza za dayinamo ndi mawaya mwana wa Fomu 1 angafune mnzake wa Fomu 3 womuthandiza. Amene amakonda kumasula mawailesi akufa aliyambe lero."

Taonani zomwe wowerenga watola. Wadziwa munthu, malo, nthawi ndi vuto. Wadziwa pomwe bukuli lili ndi mphamvu ndi pomwe angatope, wadziwanso ngati ndi la msinkhu wake. Koma sanamve momwe njala inathera m'banjamo, sanamve amene anathandiza kupeza zipangizo zomwe zinkasowa, ndipo tsiku loyesa makinawo silinakhudzidwe n'komwe. Chiganizo chodzudzula chija musachichotse, anzanga. Ana athu amaopa kunena kuti buku losindikizidwa lili ndi pofooka, amayesa n'chipongwe. Koma owerenga akazindikira kuti tsambali limayamikira buku lililonse, amasiya kulikhulupirira.

Ndidutse pang'ono pa nkhani ya filimu ija, poti yatibweretsera vuto lake. Mwana atha kuonera filimu n'kulemba ngati wawerenga buku. Pozindikirira pake ndi posavuta. M'filimu, makina a mphepo akumangidwa kuti apope madzi othirira mbewu. M'buku, makina oyamba anali oyatsa getsi, nkhani ya madzi inabwera patapita nthawi. Mwana akalemba kuti William anayamba ndi kuthirira munda, mufunseni mokoma mtima kuti bukulo anafika nalo pa tsamba liti. Mumuuzenso atchule mtundu wa buku lomwe wawerenga, pakuti pali lina lofupikitsidwa la achinyamata lomwe linatuluka mu 2015, ndipo mnzake akapita ku laibulale ayenera kudziwa lomwe akufunsa.

Pali mfundo imodzi yotsutsa yomwe ndimaimva kwa aphunzitsi anzanga, ndipo siyopepuka. Amati m'sukulu zathu zakumudzi buku limakhala limodzi, ana mazanamazana, ndipo ambiri amaliza Fomu 4 osaligwira. Ndiye bwanji osangowauza nkhani yonse kuti atoleko phunziro? Ndikumva chisoni chomwe chili kuseri kwa mawuwa, koma sindigwirizana nawo. Buku likakhala limodzi m'pomwe limafunika kuyenda kwambiri, ndipo chomwe chimaliyendetsa ndi chidwi. Buku lomwe mathero ake alengezedwa m'magazini limakhala pashelefu mpaka chiswe chilipeze. Komanso phunziro lomwe mwana wauzidwa m'chiganizo chimodzi, lakuti tizilimbikira ngati Kamkwamba, amaliiwala belu lisanalire. Amene wayenda ndi William masamba onsewo, osadziwa kuti mawa kudya kupezeka kapena ayi, safunanso wina womuuza phunziro. Ngati tikufunadi kuti ana onse amve nkhaniyo, tiyeni tiziwawerengera mutu umodzi pa sabata ku kalabu ya zolembalemba. Imeneyo ndi njira ina, ndipo siilanda ntchito ya ndemanga.

Nanga buku ngati Nthondo, lomwe ena analiphunzira kale m'kalasi? Lamulo ndi lomwelo, chifukwa magazini amawerenganso ana a Fomu 1 amene sanafikeko. Mwana anene za ubwana wovuta wa Nthondo, anene za khalidwe lake loipa ndi ulendo wake wokafuna ntchito kutali, aonjezere kuti bukuli linamasuliridwa m'Chingerezi ndi T. Cullen Young mu 1934 pa mutu wakuti Man of Africa. Koma munthu amene Nthondo anadzakhala atabwerera kwawo, ameneyo asamutchule. Ngati akufuna kukambirana za mathero, alembe nkhani ina, ndipo pamwamba pake tiikepo chenjezo lakuti ndi ya okhawo amene anamaliza bukulo.

Ndemanga isanapite kotaipa, ndimaiyesa motere. Ndimaipereka kwa mwana amene sanawerenge bukulo, n'kumufunsa mafunso atatu: nkhaniyi ndi ya yani, vuto lake ndi lotani, ndipo itha bwanji. Akalephera awiri oyambawo, wolembayo wabisa zambiri, abwerere akaonjezere. Akayankha lachitatu mosakayika, timafufuza chiganizo chomwe chamuuza n'kuchidula. Kawirikawiri chimakhala chimodzi chokha, chachiwiri kuchokera kumapeto, pomwe mwana amafuna kutsendera ndi phunziro. Ndipo anzanga amene mumayang'anira magazini, pansi pa ndemanga muzilembapo pomwe bukulo likupezeka ndi tsiku lomwe laibulale imatsekulidwa, kuti mwana amene chidwi chamugwira asachite kufunsa kawiri.