Funsani Kukula kwa Chiwongoladzanja, Osati Kuti Chimaikidwa Kangati

Alimi anzanga a ku Petauke ndi ku Nyimba, mukagulitsa nshawa n'kupita kukasunga ndalama ku banki, musakopeke msanga ndi mawu akuti chiwongoladzanja chimaikidwa mwezi uliwonse. Phindu la zimenezi lilipo, koma n'lochepa.

Tiyerekeze kuti mwasunga K10,000 pa 12 peresenti pachaka. Chiwongoladzanja chikaikidwa kamodzi pachaka, mudzatenga K11,200. Chikamaikidwa mwezi uliwonse, K100 ya mwezi woyamba nayonso imayamba kubereka mwezi wachiwiri, ndipo chaka chikatha muli ndi K11,268. Chikamaikidwa tsiku lililonse, ndalamayo imafika K11,274.75. Nanga chikamaikidwa mosalekeza, osapuma ngakhale kamphindi? Imaima pa K11,274.97, kungowonjezerapo 22 ngwee. Siingapyole pamenepo, pakuti nthawi ikamafupika, kagawo koikidwako nakonso kamachepa. Malire amenewa ndi K10,000 × e^0.12, ndipo e ndi nambala yosasintha, pafupifupi 2.718, imene Jacob Bernoulli anaipeza mu 1683 pofufuza funso lomweli.

Tsono banki yopereka 13 peresenti kamodzi kokha pachaka idzakupatsani K11,300, kuposa zonsezi. Funsaninso zimene amadula pa akaunti: K10 pamwezi ndi K120 pachaka, pomwe kuwirikiza konseku kwakupatsani K75 yokha.