Cifuwa cina cimacokela m'mapilitsi a bipi

Pali cifuwa cimene cikudyela anthu athu ndalama pacabe. Ndi cifuwa couma, copanda makhololo, conyelenyetsa pakhosi ngati mwalowa mungu wa cimanga, ndipo cimakula usiku munthu akagona. Ambili amati ndi zilonda za pakhosi. Koma ngati munthuyo akumwa mapilitsi a bipi, ife tikuti ayambe wayang'ana dzina la mapilitsiwo.

Titenge citsanzo ca mai wina, mlimi wa zaka 58. Mu Juni a kukiliniki anamupatsa enalapulilu. Patapita masabata atatu anayamba kutsokomola. Iye anati ndi mphepo ndi fumbi la kupukusa cimanga. Anagula amokisilini kawili, anamwa mandimu ndi uci, koma cifuwa osaleka. Atapita ndi kapaketi ka mapilitsi kukiliniki, anamusinthila kukhala amulodipini, ndipo m'masabata awili cifuwa cinatha.

Cimacitika ndi ici. Enalapulilu, kaputopulilu ndi anzake, amene maina ao pa paketi amatha ndi zilembo za "pril", amatsitsa bipi poletsa nchito ya cinthu cina m'thupi cimene cimafinyitsa mitsempha ya magazi. Cinthu comweco ndico cimaphwanyanso buladikinini. Cikaletsedwa, buladikinini amaculuka m'njila ya mpweya ndi kuinyelenyetsa. Mulibe tizilombo m'menemo, n'cifukwa cake amokisilini sathandiza. Izi zimagwela pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi, makamaka azimai, ndipo zingayambe masiku oyamba kapena patapita miyezi.

Tingasiyanitse bwanji? Matenda a pakhosi amabwela ndi kutentha thupi, cimfine kapena kuwawa pomeza, ndipo kawilikawili amatha m'sabata imodzi kapena awili. Cifuwa ca mapilitsi cilibe zimenezi, ndipo sicicoka malinga munthu akumwabe. Komabe cifuwa ciliconse copitilila masabata awili cifunika kukapimitsa, makamaka ngati pali kuonda, thukuta la usiku kapena magazi m'makhololo, pakuti cingakhale cifuwa cacikulu.

Cimene tikukana ndi kuleka mapilitsi mwa inu nokha. Bipi imakwelanso mwakacetecete, ndipo mapeto ake angakhale kufa ziwalo. Nyamulani kapaketi, uzani anamwino tsiku limene munayamba kumwa ndi limene munayamba kutsokomola. Alipo mankhwala ena, monga amulodipini kapena losatani, amene kawilikawili sabweletsa cifuwa cotele. Mukasintha, cimatha m'sabata imodzi kufikila anai, ngakhale kwa ena cimatenga miyezi itatu.

Koma ngati milomo, lilime kapena nkhope zatupa, musamwenso pilitsi lina ndipo musadikile kuti kuce. Thamangilani kucipatala, cifukwa kutupako kungatseke mpweya, ndipo kumagwela kwambili ife anthu akuda.

Kwa a zaumoyo pempho lathu ndi limodzi: popeleka mapilitsiwa, muzimuuzilatu wodwala za cifuwaci. Mau awili pa windo la mankhwala angapulumutse ndalama ya feteleza.