Copereka ca pa Lamya: Cilengezo Cikhale Comveka, Akuba Asapeze Polowera

M'mipingo yambiri ya m'dziko muno, kuyambira ku Cipata kufikira m'makomboni a mu Lusaka, mbale ya copereka tsopano yapeza mnzake. Mkhristu amene ali kutali ku nchito, kapena wodwala amene sangathe kufika ku mapemphero, akhoza kutumiza copereka cace ndi cakhumi pa lamya ya m'manja. Njirayi ilibe colakwa. Cimene cidetsa nkhawa ndi kalengezedwe kace, pakuti m'malo ena mlembi amangowerenga nambala kamodzi mothamanga pakati pa zilengezo za maliro ndi maukwati, anthu n'kubalalika osagwira kanthu. Cilengezo cotere ndi khomo losiyidwa lotsegula usiku.

Nchito yoyamba ili kwa akulu a mpingo, cilengezo cisanalembedwe n'komwe. Nambala yolandirira zopereka siyenera kukhala ya mbusa, ya msungicuma, kapena ya mwana wa mkulu wa mpingo. Ndalama zikalowa mu akaunti ya munthu, zimasakanizika ndi zace, ndipo munthuyo akamwalira, akasamuka kapena akakangana ndi mpingo, kuzitulutsa kumasanduka mlandu. Makampani a lamya amatsegulira mabungwe akaunti ya m'dzina la bungwelo, ndipo akulu ayenera kupita okha ku ofesi ya kampani ndi zikalata za mpingo kukafunsa zofunika. Phindu lace ndi lakuti wotumiza aliyense adzaona dzina la mpingo pa lamya yace asanalole kuti ndalama zicoke.

Akaunti ikatseguka, anthu awiri a m'komiti ayese kutumiza ndalama pang'ono, monga K5, ndi kulemba pa pepala ciliconse cimene lamya yafunsa, mwa ndondomeko yace. Kuyesa kumeneku n'kofunika cifukwa kulipira ku akaunti ya bungwe kumadzera njira yosiyana ndi kutumiza kwa munthu, ndiponso mindandanda ya Airtel, MTN ndi Zamtel siyofanana, ngakhale kuti onse amalowera pa *115#. Zimene alembazo ndizo zikhale cilengezo, osati zongokumbukira pamutu.

Cilengezo cabwino cingamveke motere: "Abale ndi alongo, mpingo wathu tsopano ulandiranso copereka pa lamya. Nambala ndi imodzi yokha, ndiyo yalembedwa pa cikwangwani ca pakhomo. Imbani *115#, sankhani malo olipirira monga talembera pa cikwangwanipo, lembani nambalayo, kenaka kuculuka kwa ndalama. Musanalembe nambala yanu yacinsinsi, ija lamya imaicha PIN, imani kaye muwerenge dzina limene laoneka. Likapanda kukhala dzina la mpingo uno, lekezani pomwepo. Mukatha kutumiza, sungani uthenga wotsimikiza, pakuti ndiwo lisiti lanu. Nambala imeneyi sidzasinthidwa ndi uthenga wa pa lamya. Ikadzasintha, mudzamva muno, kucokera pa guwa."

Ciganizo comalizaco ndico mtima wa cilengezo conse. Wakuba wa pa lamya sathyola citseko; amabwereka dzina la munthu wodalirika. Amatenga cithunzi ca mbusa, n'kulembera akhristu kuti lamya ya mpingo yavuta, cotero atumize pa nambala ina, kapena kuti pagwa zadzidzidzi ndipo thandizo lifunika dzuwa lisanalowe. Mkhristu amalemekeza mtsogoleri wace, ndipo amacita manyazi kufunsa. Koma ngati anamva ndi makutu ace, Sondo ndi Sondo, kuti nambala sisintha ndi uthenga, bodzalo limafera pomwepo. Cizindikiro ca wakuba ndi cangu cimene amaumiriza naco munthu, ndipo mankhwala ace ndi kuimbira mbusayo pa nambala yace yodziwika kale. Akale anati safunsa anadya phula.

Msampha waciwiri umachedwa pa nambala yacinsinsi. Wina amaimba nadzicha wanchito wa kampani ya lamya, kapena wa komiti ya cuma, nanena kuti copereka cakanika panjira ndipo afuna nambalayo kuti acikonze. Cilengezo cinene poyera kuti palibe mbusa, msungicuma kapena wanchito wa kampani amene ali ndi cifukwa cofunsira nambala yacinsinsi ya munthu. Momwemonso, lamya ikangofunsa yokha nambalayo mwini wace asanayambe kutumiza kanthu, asailembe, cifukwa kutero ndi kuvomereza kuti ndalama zicoke. Okalamba amene amafuna thandizo athandizidwe kufikira pa dzina, kenaka wothandizayo ayang'ane kumbali, mwini lamya alembe yekha.

Msampha wacitatu umalunjika pa msungicuma. Mwacitsanzo, Lolemba m'mawa pa lamya ya mpingo pafika uthenga wonena kuti K500 yalowa. Posapita nthawi munthu aimba modandaula, nati anafuna kupereka K50 koma cala cinaphonya, cotero apempha kuti K450 ibwezedwe msanga pakuti mwana ali m'cipatala. Msungicuma wacifundo akatumiza, mpingo wataya K450, cifukwa K500 ija siinalowe konse. Uthengawo unalembedwa ndi wakubayo motsanzira wa kampani. Kuzindikira kwace n'kwapafupi. Uthenga weniweni umabwera m'dzina la kampani, pamene wonama kawirikawiri umacokera pa nambala wamba ya munthu. Koposa apo, msungicuma aimbe *115# aone ndalama zotsala: ngati panali K1,200 ndipo ikali K1,200 yomweyo, palibe cimene calowa. Ngakhale ndalamazo zitalowadi, wolakwitsayo auzidwe kuti akadandaule ku kampani, imene ili ndi njira yace yobwezera. Nambala ya wonyenga ikanenedwe ku kampani, ku polisi, ndiponso ku bungwe la ZICTA pa *707#.

Pali anthu ena amene amati kuchula za akuba m'nyumba ya mapemphero kumaopseza opereka ndi kucepetsa ulemu wa malowo. Nkhawa yao ndi yomveka, koma cimene cimathawitsa opereka si cenjezo ai. Mai wamasiye amene wataya K100 yace atamvera uthenga wa m'dzina la mbusa sadzatumizanso, ndipo oyandikana naye onse adzaimva nkhaniyo. Enanso amati njirayi ipatula osauka ndi opanda lamya. Yankho lace n'lakuti mbale isacotsedwe, ndipo wopereka pa lamya asayesedwe woposa wa ndalama za m'manja. Akhristu auzidwenso moona kuti kutumiza ndi kutapa ndalama kungakhale ndi malipiro, ndi kuti kuyambira mu 2024 Boma limatenga msonkho pa ndalama zotumizirana pa lamya pakati pa anthu, kuti pasakhale wodabwa akaona kusiyana.

Cotsiriza ndi ciwerengero. Copereka ca m'mbale cimawerengedwa ndi anthu angapo pamaso pa anzao, ndipo ca pa lamya siciyenera kubisika m'thumba la munthu mmodzi. Mlungu uliwonse anthu awiri ayerekeze ndalama zimene zalowa ndi zimene zalembedwa m'buku, asaine onse, ndipo ciwerengero ca zonse cilengezedwe pamodzi ndi ca m'mbale, popanda kuchula maina a opereka. Mkhristu amene uthenga wace wotsimikiza sugwirizana ndi buku adziwe munthu wokamuona. Mpingo umene sunakonze zimenezi uyambe wadikira. Mbale idzagwirabe nchito yace Sondo likudzali.