Madzi a ku Nhartanda: zitsime khumi sizingayankhulire chigwa chonse

Mvula ikayamba mumzinda wa Tete, nkhani ya madzi a m'chigwa cha Nhartanda imayambiranso. Chigwachi chili pafupi ndi mtsinje wa Zambezi, ndipo pansi pake pali madzi amene akhala akupopedwa kwa zaka zambiri kuti afike m'mipopi ya mumzindawu, womwe kalembera wa 2017 anapeza kuti uli ndi anthu opitirira 300,000. M'chigwa chomwecho alimi ali ndi madimba, pomwe nyumba, zimbudzi ndi zinyalala zikuyandikira.

Nkhawa ya anthu ndi yomveka. Kolera anavuta m'chigawo cha Tete mu 2015, anabweranso mu 2023, ndipo kutsidya ku Malawi mliri womwe unayamba mu 2022 unapha anthu oposa 1,700. N'chifukwa chake chiwerengero chilichonse chokhudza madzi chimathamanga msanga pamsika ndi pamafoni. Koma chiwerengero chimanena zoona za malo okhawo amene chachokera.

Oyeza amatunga madzi m'botolo loyera n'kukafufuza tizilombo totchedwa E. coli, tomwe timasonyeza kuti m'madzimo mwalowa chimbudzi cha munthu kapena ndowe. Muyeso wa bungwe la WHO ndi wakuti m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke kachilombo kotere ngakhale kamodzi. Kupezeka kwake sikutanthauza kuti m'madzimo muli kolera, koma kuti njira yoti kolera alowere ndi yotseguka.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Munthu wayeza zitsime 10 ku Nhartanda ndipo 6 zapezeka ndi tizilomboti. Mawa lake mbiri imveka yakuti zitsime 60 mwa 100 zilizonse n'zoipa. Masamuwo sanalakwike, koma zitsime zikakhala 10 zokha, chitsime chimodzi chimasuntha chiwerengero ndi 10 yathunthu. Chimodzi chikanapezeka chabwino, mbiriyo ikanati 50. Malinga ndi masamu a kafukufuku, ngakhale zitsime 10 zija zitasankhidwa mwamaere, chiwerengero chenicheni cha chigwa chonse chingakhale paliponse kuyambira cha m'ma 30 mpaka cha m'ma 80. Vuto lilipo ndithu, koma kukula kwake sikunadziwike.

Mbali inayo ndi yoopsa kwambiri. Zitsime zonse 10 zitapezeka zabwino, wina angalengeze kuti madzi a ku Nhartanda alibe vuto. Komatu masamu omwewo akusonyeza kuti ngakhale chitsime chimodzi mwa zinayi zilizonse chitakhala choipa, n'zothekabe, mwa apo ndi apo, kusankha 10 osakumana ndi choipa n'chimodzi chomwe. Banja limene lasiya kuthira klorini chifukwa cha uthenga wotere likuika ana pachiswe.

Kuchepa kwa zitsime kumathetsedwa poyeza zambiri. Chimene sichithetsedwa motero ndi kasankhidwe kokondera. Woyeza akamapita kokha kumene anthu adandaula, kapena ku zitsime zoyandikana ndi zimbudzi, adzapeza zoipa zambiri kuposa mmene zilili m'chigwa chonse. Akamatunga pamipopi yokha ya pafupi ndi thanki, pomwe klorini akadali wamphamvu, adzapeza zabwino zokhazokha. Atayeza malo 500 mwa njira imeneyi, kulakwitsa kwake kudzakhala komweko. Mlimi amadziwa kuti thumba la chimanga saligula poona chapamwamba chokha. Amalowetsa dzanja mpaka pakati.

Nyengo ndi mtundu wa chitsime nazonso zimasintha yankho. Madzi oyezedwa mu Febuluwale, mvula itakokolola zonyansa, sangafanane ndi a mu Seputembala. Chitsime chosaya cha m'dimba si chimodzimodzi ndi mjigo wakuya, ndipo madzi abwino a pampopi angathe kuipira m'ndowa yosavundikira kunyumba. Kuphatikiza zonsezi m'chiwerengero chimodzi kumabisa pamene pali vuto.

Zotsatira za mawu okokomeza zimagwera anthu enieni. Mbiri yakuti chigwa chonse chaipa ingachititse ogula kukana ndiwo zamasamba za alimi a kumeneko, kuphatikizapo amene madzi awo sanayezedwe n'komwe. Mbiri yakuti zonse zili bwino ingachedwetse kukonza zimbudzi ndi kuchotsa zinyalala.

Ngakhale zili choncho, kuyeza kochepa sikopanda ntchito. Zitsime 6 zija n'zoipadi, ndipo mabanja otungamo ayenera kuwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini tsiku lomwelo. Mawu oona ndi akuti, mwa zitsime 10 zoyezedwa mwezi wakutiwakuti, 6 zinali ndi E. coli. Alimi a ku Angónia, Tsangano ndi Zóbuè akamva chiwerengero cha madzi a kwawo, angafunse zomwezo: zayezedwa zingati, anazisankha bwanji, ndipo unali mwezi uti.