ZA MALAMULO: Kalata Yololeza Mlendo Kugwira Nchito Ili ndi Malire Ace

M'dziko la Mfumu Yaikulu Mwase ku Lundazi, malire a Zambia ndi Malawi sanalekanitse anthu kweni-kweni. Mabanja ambiri ali ndi abale ku Kasungu ndi ku Mzimba, ndipo amayenderana pa maliro, pa maukwati ndi pa malonda. Cifukwa ca ici anthu ambiri amaona ngati mbale wocokera kutsidya angathe kugwira nchito kuno monga mwana wa pakhomo. Koma pamaso pa lamulo, munthu wa pasipoti ya Malawi ndi mlendo, cimodzi-modzi wocokera ku India kapena ku Ulaya, ndipo sangalembedwe nchito popanda cilolezo ca a Imigireshoni. Lamulo la Nambala 18 la caka ca 2010, limene linalowa m'malo mwa lija la 1965, ndilo linakhazikitsa mitundu ya zilolezozi.

Cilolezo cikavomerezedwa, pamabwera kalata ya m'Cizungu. Pa mudzi pamakhala cimwemwe, kalata ija amaisunga m'bokosi pamodzi ndi makhadi a feteleza, ndipo ambiri amangomva mau amodzi okha akuti avomera. Bvuto limabuka pambuyo pace, popeza cibvomerezoco ndi comangidwa pa zinthu zitatu: bwana mmodzi, nchito imodzi, ndi masiku owerengeka.

Mwacitsanzo, pakhale mwamuna wa ku Kasungu wodziwa kukonza makina opuntha thonje, amene anakwatira ku Mwase Lundazi ndipo ndi mkamwini pa mudzi. Kampani yogula thonje yamufuna. Amene amapempha cilolezo si mkamwiniyo ai, koma kampani, ndipo imayenera kuonetsa kuti luso lace ndi losowa pakati pa nzika za Zambia. Ici cokha cimasonyeza kale mwini wace wa nkhani: Boma lalola kampani yakuti-yakuti kulemba munthu wakuti-wakuti. Silinalole munthuyo kuyenda-yenda m'dziko kufuna-funa nchito.

Coyamba coyenera kudziwa ndi cakuti kalatayo si cilolezo ceni-ceni. Iyo ndi uthenga wakuti pempho labvomerezedwa. Kawiri-kawiri wopemphedwerayo amayembekeza ali kunja kwa dziko, ndipo kalata ikafika ndiyo imene amaonetsa pa cipata, kaya pa Lusuntha kufupi ndi Lundazi kapena pa Mwami kufupi ndi Chipata. Pamenepo ofesala amadinda m'pasipoti masiku ocepa, oti munthuyo alowe ndi kukatenga cilolezo cace kwa a Imigireshoni, amene likulu lao lili ku Kent Building mu Lusaka. Munthu akakhala pansi ndi kalata yokha, osatenga cilolezo, masiku a cidindo cija amatha mwakacete-cete, ndipo amapezeka kuti wakhalitsa m'dziko popanda cilolezo ngakhale kuti pempho lace linabvomerezedwa. Tsono zikalata zimene banja liyenera kuyang'ana ndi zitatu, kalata, cidindo ca m'pasipoti ndi cilolezo, ndipo ciri conse cili ndi tsiku lace.

Kalata isanapite m'bokosi, ndi bwino kuiyerekeza ndi pasipoti cilembo ndi cilembo. Maina a kuno amalembedwa mosiyana-siyana: wina ndi Mbewe m'pasipoti koma Mbewa m'kalata, wina dzina la mtundu lakhala kutsogolo pamene m'pasipoti lili kumbuyo, ndipo nthawi zina nambala ya pasipoti ndi ya buku lakale limene linatha. Ofesala wa pa cipata samadziwa munthu ndi nkhope kapena ndi mudzi wace. Iye amawerenga zimene zalembedwa. Colakwa cotere amakonzetsa ndi bwana amene anapempha, ulendo usanayambe.

Kenaka pali dzina la cilolezo. Likalembedwa kuti Employment Permit, ndiye kuti ndi ca nchito yopitirira miyezi 6, cimene cimaperekedwa kwa nthawi yosaposa zaka ziwiri poyamba. Likakhala ndi liu lakuti Temporary patsogolo, ndi cina ndithu, ca nchito ya kanthawi, ndipo sicipitirira miyezi 6. Liu limodzi limeneli lasoceretsa anthu, pakuti munthu amamanga nyumba ndi kulima munda poganiza kuti ali ndi zaka, pamene anapatsidwa nyengo imodzi yokha ya malonda.

Tsopano nkhani ya bwana, imene ndiyo yaikulu pa zonse. Mkamwini uja walandira cilolezo ca zaka ziwiri, coyambira pa 2 Epulo 2025 kufikira pa 1 Epulo 2027, ndipo pa cilolezopo palembedwa dzina la kampani ya thonje ndi nchito ya umakanika wa makina. Malonda a thonje atatha, kampani yacepetsa anchito kumapeto kwa Okutobala 2025, ndipo iye ndi mmodzi wa ocotsedwa. Pa mudzi apongozi ndi alamu awerenga miyezi pa zala napeza kuti yatsala 17. Nthawi yomweyo mlimi wina wamkulu, amene ali ndi thalakita ndi cigayo, wamuitana kuti adzikonza makina ace pa malipiro a pamwezi. Onse aona kuti palibe colakwa, popeza tsiku la pa cilolezo likali kutali.

Kuwerenga kumeneku ndi kolakwa. Miyezi 17 ija inali ya nchito ya ku kampani ya thonje, ndipo nchitoyo itatha, maziko a cilolezo anatha nayo pamodzi. Tsiku lolembedwa pa cilolezo limanena malire otsiriza a nthawi imene munthu angakhale ngati zonse zili monga zinalili pa kupempha. Silimalonjeza kuti adzakhala kufikira pamenepo zibvute zitani. Lamulo la 2010 linaika udindo pa bwana wakuti nchito ikatha, kaya munthu wacotsedwa kapena wasiya yekha, adziwitse a Imigireshoni ndi kubweza cilolezo pasanathe mwezi umodzi, ndiponso linamsenzetsa za ulendo wobwerera kwao wa wanchitoyo. Motero kampani ikaitanitsa cilolezo cija sikuti ili ndi nkhanza, ikudziteteza yokha.

Mkamwini akayamba nchito kwa mlimi uja ndi cilolezo ca ku kampani, olakwa amakhala awiri. Iye waphwanya zimene anamuikira, ndipo angathe kumangidwa, kulipitsidwa ndi kucotsedwa m'dziko, kusiya mkazi ndi ana pa mudzi. Mlimi nayenso ali ndi mlandu wolemba nchito mlendo wopanda cilolezo ca nchito imeneyo. Sizithandiza kunena kuti malipiro anali a matumba a cimanga osati ndalama, kapena kuti anali kungothandiza mbale, ngati munthu afika m'mawa uli wonse ndi kulandira mphotho pa kutha kwa mwezi.

Njira yoongoka ilipo, ndipo m'Cizungu amaicha variation, ndiko kuti kupempha a Imigireshoni kuti asinthe zolembedwa pa cilolezo. Bwana watsopano ndiye amapempha, naonetsa pangano la nchito ndi zikalata za bizinesi yace, ndipo kalata yocokera kwa bwana wakale yonena kuti nchito inatha bwino imafunika. Pali ndalama zolipira, zimene zimasintha nthawi ndi nthawi ndipo zimapita ku thumba la Boma ndi lisiti, osati m'manja mwa munthu. Cofunika kwambiri apa ndi dongosolo lace: munthu amayamba nchito yatsopano yankho litabwera, osati pamene pempho langoperekedwa. Lisiti ndi umboni wakuti anapempha, si cilolezo. Ndiponso yankho lingathe kukhala lokana, makamaka ngati nchitoyo ndi yoti anyamata a ku Lundazi omwe angaigwire, ndipo kukonza cigayo ndi imodzi ya nchito zotero. Apa mlimi ayenera kulingalira bwino asanataye ndalama zace.

Kusintha nchito pa kampani imodzi-modziyo nako kumafuna njira yomweyi. Makanika akakwezedwa kukhala kalaliki wogula thonje m'misika, dzina la bwana silinasinthe, koma nchito yasintha, ndipo cilolezo cinaperekedwa cifukwa ca luso la makina. Cimodzi-modzinso bizinesi ya pambali: cilolezo ca nchito sicipatsa munthu mphamvu yotsegula golosale kapena kugula soya ndi nshawa kuti akagulitse. Kumene kalata kapena cilolezo cachula malo ogwirira nchito, kusamutsidwa kupita ku boma lina kumayenera kudziwika kwa a Imigireshoni cisanacitike.

Nanga nchito ikapitirira bwino kufikira 2027? Masiku amawerengedwa monga alembedwa pa cilolezo ceni-ceni, osati kucokera pa tsiku limene munthu anayamba kulandira malipiro, ndipo miyezi imene anakhala ku Kasungu pa chuthi kapena pa matenda siionjezedwa kumapeto. Pempho loonjezera nthawi limacokeranso kwa bwana, ndipo liyenera kupita miyezi ingapo cilolezo cisanathe; kwa mkamwini uja, nyengo yokumbutsa bwana ndi ca kumapeto kwa 2026, mvula ikuyamba, osati pa nthawi ya kukolola. Kuonjezera sikupita mpaka muyaya. Lamulo la 2010 linaika malire a zaka 10, ndipo amene wakwanitsa zaka zimenezi ali ndi cilolezo ca nchito angathe kupempha cilolezo cokhala m'dziko, cimene sicimangika pa bwana mmodzi. Pasipoti nayo ili ndi tsiku lace lothera, ndipo cilolezo camoyo sicithandiza pa cipata ngati buku limene cayedzamira linatha.

Anthu a kuno amafunsa kawiri-kawiri ngati ukwati sucotsa zonsezi. Mwa mwambo mkamwini amalandiridwa ndi ankhoswe, anyakwawa namuonetsa malo olima, koma kalata ya anyakwawa kapena ya mfumu siisintha liu ngakhale limodzi pa cilolezo ca nchito. Pali cilolezo cina capadera ca munthu amene ali pa ukwati ndi nzika ya Zambia, ndipo cimenecho cimapemphedwa pacokha ndi umboni wa ukwati. Banja la mkamwini uja likanacita bwino kufunsa za cimeneci ku ofesi ya Imigireshoni pa boma la Lundazi mwezi womwe nchito inatha, ndi kufunsanso ngati cingamlole kulembedwa nchito, popeza kuloledwa kukhala ndi kuloledwa kugwira nchito ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Kumene mlendo wabwera ndi mkazi ndi ana ocokera kwao, maina ao ayenera kulembetsedwa, ndipo kukhala kwao kumatsata cilolezo ca bambo. Mkazi wolembedwa motere waloledwa kukhala, koma sanaloledwe kulowa nchito, ndipo mwana akakwanitsa zaka 18 amafunika cikalata cace-cace. Nchito ya bambo ikatha m'mwezi wa Okutobala, nthawi ya onse a pa khomopo imatheranso pomwepo, ngakhale ana ali pakati pa mayeso a kusukulu.