CHENJEZO: Khanda lachikasu lochita chimbudzi choyera, musalisunge panyumba

Kwa amayi, azibambo ndi ambuya a mu Nabvutika, Kapata, Mchini, Magazine ndi midzi yonse yozungulira Chipata.

Ngati khanda lanu lakwanitsa masabata awiri koma maso ake akadali achikasu, vundukulani thewera lero lomwe masana, panja powala, muone chimbudzi chake. Chikakhala choyera, chotuwa kapena chambuu ngati phala la ufa woyera, ndipo mkodzo ukusiya banga lachikasu chakuda pansalu, nyamulani mwanayo mupite naye kukiliniki tsiku lomwelo. Musadikire tsiku la sikelo. Musadikire kuti ayambe wadwala, chifukwa nthenda imene tikukuchenjezaniyi imabisala mwa mwana amene akuyamwa bwino ndi kugona bwino.

Kuti mumvetse chifukwa chake thewera likunena zoona kuposa nkhope ya mwana, tiyambe ndi ndulu. Aliyense amene anatumbulapo nkhuku amadziwa kathumba kobiriwira kamene kali pachiwindi, ndiponso mmene kamawawitsira nyama kakaphulika. Ambiri amaganiza kuti kathumbako ndiye kamapanga madzi owawawo. Ayi, kamangosunga. Wopanga ndi chiwindi, ndipo sichipuma usana ndi usiku. Chiwindi cha munthu wamkulu chimatulutsa ndulu yokwana pafupifupi theka la lita kapena kupitirirapo patsiku. Nduluyo imayamba kuyenda m'timipaipi tosaoneka ndi maso m'kati mwa chiwindi, timipaipito timakumana n'kupanga njira imodzi yotsikira kumatumbo aang'ono. Kathumba kaja kali m'mbali mwa njirayi. Kamasunga ndulu munthu akakhala kuti sakudya, kamaichotsa madzi kuti ikhale yamphamvu, ndipo chakudya chamafuta chikafika m'matumbo kamadzifinya.

Ndulu ili ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi ya mafuta. Madzi ogaya chakudya a m'matumbo sangalowe m'kati mwa dontho la mafuta, amangogwira pamwamba pake. Mu ndulu muli michere imene chiwindi chimapanga kuchokera ku kolesitero, ndipo michereyi mbali ina imagwira mafuta, mbali ina imagwira madzi. Imachita zimene sopo amachita mumphika umene munakazingiramo nyama: dontho lalikulu limasweka kukhala timadontho tosawerengeka toyandama m'madzi, tosagwirananso. Apo m'pamene madzi ogaya aja amapeza pogwira. Akatha kugaya, michere yomweyo imanyamula mafutawo kukawafikitsa pakhoma la matumbo kuti alowe m'thupi, pamodzi ndi mavitamini A, D, E ndi K, amene sayenda popanda mafuta. Thupi silitaya michereyi mwachisawawa. Pafupifupi magawo 95 pa 100 alionse amatengedwanso kumapeto kwa matumbo aang'ono n'kubwerera kuchiwindi kuti akagwirenso ntchito.

Kwa khanda nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa pafupifupi theka la mphamvu zimene limapeza mumkaka wa m'mawere zili m'mafuta. Ndulu ikapanda kufika m'matumbo, mwana amayamwa koma gawo lalikulu la mafuta limangodutsa. Pakapita masabata sikelo imaima. Choopsa msanga kwambiri ndi kusowa kwa vitamini K, amene amathandiza magazi kuundana. Mwana wotere angayambe kukha magazi pamchombo kapena m'mphuno, kutuluka mikwingwirima popanda womumenya, ngakhale kukha magazi m'kati mwa mutu. N'chifukwa chake kumutema mphini mwana wachikasu ndi kuika moyo wake pachiswe.

Ntchito yachiwiri ndi yotaya zinyalala, ndipo ndi imene imabweretsa chikasu. Maselo ofiira a magazi amakhala masiku pafupifupi 120 mwa munthu wamkulu, koma mwa khanda satha miyezi itatu. Akakalamba thupi limawaphwanya, limasunga ayironi, ndipo chotsalacho chimasanduka utoto wachikasu wotchedwa bilirubini. Poyamba utotowu susungunuka m'madzi, choncho impso sizingautaye. Umayenda m'magazi utakakamira ku puloteni yotchedwa alubumini mpaka kuchiwindi. Chiwindi chimaulandira, chimaulumikiza ndi kachinthu kena kochokera ku shuga, ndipo pamenepo umakhala wosungunuka m'madzi n'kutayidwa mu ndulu. Ukafika m'matumbo ndiwo umapatsa chimbudzi mtundu: chachikasu kapena chobiriwira mwa khanda, chakhofi mwa wamkulu. Ndiye chimbudzi chopanda mtundu chikutiuza chinthu chimodzi, chakuti ndulu siikufika.

Apa tisiyanitse bwino, chifukwa chikasu cha makanda sichili chimodzi, ndipo kusokoneza mitundu yake ndiko kukutitayitsa ana.

Makanda ambiri amachita chikasu pang'ono pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Magazi awo akuphwanyika mofulumira pamene chiwindi sichinakhwime mokwanira kuti chikonze bilirubini yense. Chikasu chimenechi chimatha chokha pasanathe masabata awiri, chimbudzi chimakhala ndi mtundu, mkodzo umakhala woyera ngati madzi. Ambuya akamati "zimatha zokha izi, atate ake analinso choncho," amanena za chimenechi, ndipo nthawi zambiri salakwa. Koma ngakhale chimenechi chili ndi malire. Chikaoneka tsiku loyamba lenileni, chikatsika mpaka m'zikhatho ndi kumapazi, kapena mwana akafooka, kukana bere, kulira mokweza mwachilendo ndi kupindikira kumbuyo, ndiye kuti bilirubini wosakonzedwa uja wachuluka ndipo angalowe muubongo n'kusiya kugontha kapena kulumala kwa moyo wonse. Mwana ameneyo afunika kuchipatala ola lomwelo, kumene amamugoneka pansi pa nyali yabuluu imene imasintha utotowo kuti utuluke m'thupi. Kumuyanika padzuwa la m'mawa sikulowa m'malo mwa nyaliyo.

Chikasu cha chimbudzi choyera ndi china. Apa chiwindi chakonza kale bilirubini, koma njira yotulukira yatsekeka. Utoto wokonzedwawo umabwerera m'magazi, ndipo popeza tsopano umasungunuka m'madzi, impso zimautaya. Ndicho chifukwa chake mkodzo umada pamene chimbudzi chikuyera. Zoyambitsa zilipo zingapo, monga matenda olowa m'chiwindi kapena chotupa cha panjira ya ndulu, koma chimene madokotala amachiopa kwambiri ndi nthenda imene njira za ndulu za kunja kwa chiwindi zimatupa, kuuma ndi kutsekeka m'masabata oyambirira a moyo. Si mayi amene walakwa, si mkaka wake, ndipo palibe amene wadumpha mwambo. Nyali yabuluu siithandiza pano, dzuwa silithandiza, madzi a shuga kapena a mizu sangatsegule njira imene yauma. Ndulu yotsekeredwa imawononga chiwindi tsiku ndi tsiku, chiwindi chimauma ndi zipsera, mimba imakula, ndipo ana ambiri osachitidwa opaleshoni safika zaka ziwiri.

Opaleshoni ilipo. Anaiyambitsa dokotala wa ku Japan, Morio Kasai, m'zaka za m'ma 1950. Amachotsa njira zouma zija n'kusokera chigawo cha matumbo a mwanayo pachiwindi penipeni, kuti ndulu izitsikira m'menemo. Tinene chilungamo: opaleshoniyi siichiza onse, ndipo ena mwa opulumuka amadzafunabe kuikidwa chiwindi china atakula, chinthu chimene mabanja athu ambiri sangachifikire. Koma mwayi wake umadalira msinkhu wa mwana. Ikachitika asanakwanitse masiku 60 mwayi umakhala wabwino, ndipo ikachitika msanga kuposa apo ndiye bwino koposa. Akapitirira miyezi itatu, nthawi zambiri chiwindi chimakhala chitawonongeka kale.

Tsopano tiwerenge masiku pamodzi. Tiyerekeze kuti mwana wabadwa pa 1 Juni muno mu Nabvutika. Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi mayi apita naye kukiliniki monga amauzidwira. Ali ndi chikasu pang'ono, chimbudzi chikadali ndi mtundu, palibe chodabwitsa. Pa 15 Juni akwanitsa masabata awiri, maso akadali achikasu, ndipo chimbudzi chayamba kutuwa. Ngati banja litapita naye tsiku limenelo, pamakhala masiku oposa 40 oti ayezedwe magazi, atumizidwe kuchipatala chachikulu cha Chipata, aunikidwe pamimba ndi makina, ndipo ngati madokotala akayika za njira za ndulu, atumizidwe ku UTH ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 500. Koma ngati banja lidikira katemera wa masabata asanu ndi limodzi, lifika kukiliniki pa 13 Julayi. Tsiku la 60 ndi 31 Julayi. Kwatsala masiku 18 okha oti kalata ilembedwe, zotsatira zituluke, ndalama ya basi ipezeke, ndi kuti apezeke wotsala ndi ana ena panyumba. Mpata wa pakati pa ulendo wa tsiku lachisanu ndi chimodzi ndi wa sabata lachisanu ndi chimodzi ndi umene nthendayi imadutsiramo, ndipo m'masiku amenewo palibe namwino amene akuona thewera. Mukuliona ndinu.

Poona, musadalire nyali ya m'nyumba, makamaka pamene mayi akadali m'chikuta ndipo chipinda n'chamdima. Tulukani pakhomo. Yang'anani poyera pa maso ndi nkhama, kapena dinani pang'ono nsonga ya mphuno ndi chala muone mtundu umene utsala mukachotsa. Chimbudzi chingakunamizeni ngati chanyowa ndi mkodzo wakuda uja, pakuti pamwamba chimaoneka chachikasu. Chipatuleni ndi kamtengo muone m'kati. Onani matewera angapo, chifukwa kutuwako kumabwera pang'onopang'ono. Ku Taiwan, kuyambira 2004, makolo onse amapatsidwa kadi la mitundu ya chimbudzi kuti azifanizira, ndipo ana odwala nthendayi anayamba kupezeka msanga. Inu tengani thewera lenilenilo mupepala la pulasitiki, kapena lijambuleni ndi foni powala, mukaonetse.

Mukafika, nenani momveka kuti mwana wapitirira masabata awiri ali ndi chikasu, ndipo tchulani mtundu wa chimbudzi ndi wa mkodzo. Kwa mwana wobadwa masiku asanakwane malire ake ndi masabata atatu, koma chimbudzi choyera sichidikira malire alionse. Pemphani mwaulemu kuti poyeza bilirubini ayeze mitundu yonse iwiri, wosakonzedwa ndi wokonzedwa, chifukwa nambala imodzi yophatikiza siinena ngati njira yatsekeka. Wokonzedwayo akapitirira mamaikolomolo 17 pa lita, mwana ayenera kufufuzidwa mofulumira. Ana ambiri oyezedwa motere amapezeka kuti ali bwino, chikasu chawo n'chongochedwa kutha monga zimachitikira ana ena oyamwa. Choncho musasiye kuyamwitsa.

Inu azibambo, ndalama ya ulendo ikonzeni lero. Inu ambuya, amene mumasambitsa khanda ndi kuchapa matewera, ndinu oyamba kuona. Mukaona choyera, uzani amake ndipo muwaperekeze kukiliniki tsiku lomwelo.