Khadi latsopano lafika, nanga malipiro a pamwezi akanikiranji?

Ndalama zili mu akaunti, khadi latsopano lili m'thumba, koma uthenga wafika woti malipiro anu a mwezi uno akanika. Ambiri amathamangira kunena kuti banki yadya ndalama. Kawirikawiri nkhani yake si imeneyo.

Mukalembetsa zinthu zolipira mwezi ndi mwezi pa intaneti, kampani imasunga nambala ya khadi lanu ndi tsiku lake lothera ntchito, lomwe limalembedwa pafupi ndi mawu oti VALID THRU. Mwezi uliwonse imapempha ndalama kubanki yanu pogwiritsa ntchito zomwe inasungazo. Banki ikakupatsani khadi lina, kampani ija imakhalabe ndi zakale.

Tiyerekeze mphunzitsi wa kuno ku Chezi amene amalipira Google One pa 5 mwezi uliwonse kuti asungeko manotsi ndi mapepala akale a mayeso a MSCE. Khadi lake lalembedwa 08/25, kutanthauza kuti ligwira ntchito mpaka pa 31 Ogasiti 2025. Malipiro a pa 5 Ogasiti adutsa bwinobwino. Iye akwera minibasi kupita ku Lilongwe, akatenga khadi latsopano, n'kumati zatha. Pa 5 Sepitembala kampani ipempha ndalama ndi tsiku lakale lija, banki n'kukana. Akapanda kukonza msanga, malo ake osungira amabwerera pa 15 GB yaulere. Ngati katundu wake apitirira pamenepo, mafayilo safufutidwa nthawi yomweyo, koma sangaikenso zatsopano, ndipo Gmail imaleka kutumiza ndi kulandira makalata. Kalata yomuitana kumaphunziro ikhoza kumuphonya chifukwa cha manambala anayi okha.

Pofuna kuchepetsa vutoli, makampani a makhadi adakhazikitsa njira yodziwitsana. Ya Visa imatchedwa Visa Account Updater, ya Mastercard ndi Automatic Billing Updater. Banki ikatulutsa khadi lolowa m'malo mwa lakale, imatumiza nambala ndi tsiku latsopano ku Visa kapena ku Mastercard. Kampani yomwe mumailipira imafunsa kumeneko, kudzera kubanki yake, ngati khadi lomwe inasunga lasintha. Yankho limatha kukhala nambala yatsopano, tsiku latsopano, mawu oti akaunti idatsekedwa, kapena oti ifunse mwini khadi. Manambala atatu a kumbuyo kwa khadi aja satumizidwa, chifukwa kampani siloledwa kuwasunga.

Njirayi imayenda pokhapokha mbali zonse ziwiri zitalowamo. Banki yanu ikapanda kutumiza, kapena kampani ikapanda kufunsa, palibe chimasintha. N'chifukwa chake munthu mmodzi amatha kuona malipiro ena akupitirira okha, ena atayima, khadi lake lomwelo. Choncho tsiku lotenga khadi, musanatuluke m'banki, funsani zinthu ziwiri: ngati bankiyo imatumiza zosinthazi, komanso ngati khadilo latsegulidwa kuti lizilipira pa intaneti ndi kunja kwa dziko. Kufunsa n'kwaulere, pomwe ulendo wachiwiri wa ku Lilongwe ndi ndalama.

Mukafika kunyumba musadikire kuti makina akuchitireni. Pafoni ya Android tsegulani Play Store, dinani chithunzi chanu, kenako Payments & subscriptions, kenako Payment methods. Lowetsani khadi latsopano, musankhe kuti malipiro a pamwezi azichoka pamenepo, ndipo pomaliza pake muchotse lakale.

Kulowetsa khadiku kumakuuzaninso pomwe pali vuto. Malipiro akadutsa, ndiye kuti chinkavuta n'zakale zija. Akakanikabe, pomwe khadilo likutulutsa ndalama pamakina a banki, vuto lili kubanki: mwina khadi silinatsegulidwe, mwina mwafika pamalire a ndalama zakunja omwe mabanki athu amaika chifukwa cha kusowa kwa madola. Muonenso ngati ndalama zikukwana. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zamtengo wa madola zidayamba kudya makwacha ochuluka kuposa kale.

Komatu walira mvula walira matope. Alipo ena amene amati akatopa ndi malipiro, amangoti khadi likatha nkhani ithera pomwepo. Ngati banki ndi kampani zili m'njira yodziwitsana ija, malipiro amasamukira pakhadi latsopano mwakachetechete, ndipo munthu amadzazindikira miyezi itapita, malipiro ake a pamwezi atabooka. Kutha kwa khadi sikuthetsa mgwirizano. Ngati simukufunanso, pitani pa Subscriptions, musankhe chomwe mukusiya, mudine Cancel subscription, ndipo uthenga wotsimikizira muusunge.

Tulutsani khadi lanu lero muone tsiku lake. Ngati kwatsala mwezi umodzi kapena iwiri, lembani kuseri kwa kope zonse zomwe zimadula ndalama pakhadilo ndi masiku ake, mulekanitse zofuna kupitiriza ndi zofuna kusiya.